Paipi yakuda si yolimba chifukwa chakuti ndi yakuda

"Ndinagula rolo ya paipi yakuda ya mamilimita 50 pa hadiweya ina pa boma. Pampu ya sola imakankha madzi kuchoka kunyanja kufika pa thanki, mtunda wa mamita 300, chikweza mamita 40, cha ku Malindi. Yaphulika kawiri pafupi ndi pampu. Zolemba zake akuti PN6. Vuto n'chiyani?"

Achimwene, anakugulitsani paipi yosayenera ntchitoyo, ndipo wogulitsayo akanangofunsa funso limodzi lokha akanadziwa. Anthu amenewa amandikwiyitsa kwabasi. Umafika n'kunena kuti ndikufuna ya 50, iwo n'kutsitsa rolo yotchipa, n'kumati "iyi ndi yolimba bwana, aliyense akutenga yomweyi," osafunsa n'komwe kuti madzi akukwera pati.

Nambala yotsatira PN ija muichulukitse ndi 10, mupeza mamita a chikweza cha madzi amene paipi ingapirire. PN6 ndi mamita 60, PN10 ndi 100, PN16 ndi 160. Pa mapaipi a PVC ena amalemba kilasi, koma tanthauzo ndi lomwelo, kilasi 9 ndi mamita 90. Mungaganize kuti 60 ikukwanira poti chikweza chanu ndi 40. Ayi ndithu. Madzi akamayenda amakhulana ndi khoma la paipi, ndipo pa mamita 300 a paipi ya 50, pampu ikamatulutsa malita ngati 5,000 pa ola, zimenezo zimawonjezera mamita 6 kapena 7. Mwafika kale pa 47.

Tsono choopsa n'chakuti nambala ija amayeza madzi ali pa madigiri 20. Kuno ku Mangochi mu Okutobala paipi yakuda yogona pamchenga imatentha moti simungaigwire nthawi yaitali. Pa madigiri 40 paipi yakudayi, yomwe amaitcha HDPE, imatsala ndi magawo atatu okha mwa anayi a mphamvu yake, ndiye PN6 yanu ija yasanduka ya mamita ngati 44. Ndipo pampu ya sola imakankha kwambiri masana omwewo pamene paipi yafewa. Imayamba kutupa malo amodzi ngati chithupsa, khoma limapyapyala, kenako imang'ambika motsata utali wake, madzi n'kukumba dzenje pomwepo, pampu ikungopopa, thanki ili gwa, mbewu zikufota. Imaphulikira kumunsi chifukwa kumeneko n'kumene kulemera konse kwa madzi kumatsamira. Mukalumikiza pamenepo idzatsegukanso patsogolo pang'ono, mudzangotha ndalama ndi zolumikizira.

Inu mufunika yolembedwa PE100 PN10 SDR17, makamaka mamita 100 oyambirira kuchoka pa pampu. Ngakhale itatentha choncho imatsalabe ndi mamita oposa 70. SDR ndi kukula kwa paipi kunja kugawa ndi kuchindikala kwa khoma, ndiye nambala ikachepa khoma lachindikala. PE100 yonena mtundu wa pulasitiki ija musaidumphe: SDR17 yomweyo ikakhala ya PE80 imapirira mamita 80 okha, osati 100. PN6 yanuyo musaitaye, ikhoza kugwira ntchito kumtunda kufupi ndi thanki kumene madzi alibe mphamvu. Yonse muikwirire, theka la mita likukwana, dzuwa lisamaiwombe.

Pa saizi samalaninso. 50 yolembedwa pa paipi ya pulasitiki ndi muyeso wa kunja, mkati mwa SDR17 muli mamilimita 44. Pa ulusi wa zolumikizira imayendera limodzi ndi inchi imodzi ndi theka, osati mainchi awiri monga ambiri amaganizira akamva 50. Ya 32 ndi inchi imodzi, ya 25 ndi kota zitatu, ya 20 ndi theka. Ndipo wina asakupatseni yoyera yopyapyala ya 50 ija ati "ndi PVC yomweyo." Imeneyo ndi ya madzi oipa a m'sinki, simupezapo PN kapena kilasi chifukwa sinapangidwire kukankhidwa ndi pampu.

Komabe ndinene mosabisa, zolembazo musazikhulupirire kotheratu. Pali marolo ena opangidwa ndi pulasitiki yosungunula kachiwiri, chidindo chili bwinobwino koma khoma silikufika. Paipi yeniyeni imakhala ndi dzina la fakitale, nambala ya muyezo ngati ISO 4427, saizi, PN ndi tsiku kapena nambala ya gulu lomwe inapangidwira, ndipo zimabwerezedwa utali wonse, osati kumapeto kokha. Auzeni adule kachidutswa kunsonga, muyeze khoma ndi kalipa, kachipangizo koyezera kuchindikala, ngati mulibe bwerekani kwa amakaniko. Ya 50 ya SDR17 ikhale mamilimita 3, ya SDR11 ikhale 4.6, pamene PN6 ya PE100 imangokhala 2. Yezani mbali zinayi, chifukwa zachinyengo zimachindikala mbali imodzi, ina n'kupyapyala, ndipo mkati mumakhala makwinya kapena timabowo m'malo mosalala. Akakana kudula, tulukani mukafunse pena. Akavomera, pa lisiti alembe PN ndi SDR, osangoti "paipi yakuda rolo imodzi," kuti ikadzaphulika mukhale ndi pogwira pobweza katunduyo.