Yesererani mpaka pamene wakwiya, osalekera pomwe akusekerera

"Abale ndithandizeni. Mnzanga wa kuntchito wayamba kundifunsira. Ine sindikumufuna, koma timakhala ofesi imodzi ndipo sindikufuna udani. Mnzanga wina akuti tiyeserere kaye kukanako ngati sewero. Kodi zimathandizadi? Nanga ndizikanena kuti chiyani?"

Achemwali, mtima wanga wachita kuthamanga nditawerenga. Yesererani, ndipo muyambe lero lomwe, koma osati kungoseka ndi mnzanuyo pampando n'kumati mwamaliza. Amene akuyerekeza kukhala bamboyo akuvuteni zenizeni mpaka mumve thukuta m'manja.

Wanga anali wa ku akaunti, yemwe ankatipatsa maalawansi tikamapita ku fildi. Bambo wapabanja, wolankhula mofatsa, aliyense akumutchula kuti munthu wa Mulungu. Anayamba ndi tinthu ting'onoting'ono, lero wanditumizira mayunitsi osapempha, mawa "ndikusiyeni panjira, mvula iyi". Atanena mawu akewo ndinayankha monga tinaleredwera, kuseka pang'ono, maso pansi, "iii achimwene, inunso". Kwa ine kumeneko kunali kukana. Iye anamva kuti ndachita manyazi chabe.

Ndiye tinapita ku wekishopu kunyanja, ku Mangochi. Usiku anthu atagona ndinamva kugogoda. Ndinali nditavala chitenje chokha, ndikupaka mafuta kumapazi. Ndafunsa kuti ndani, akuti "ndine, ndibwerekeni chaja". Ndati chaja ndikugwiritsa ntchito. Akuti "tsegulani pang'ono chabe, ndikuuzeni kanthu". Kenaka ndinaona chogwirira cha chitseko chikutsika pang'onopang'ono, kubwerera, kutsikanso. Achemwali, loko wa pachitseko chimenecho anali wogwedera, kiyi ukuchita kuvina m'bowo. Ndinakoka mpando n'kuutsamiritsa pachitseko, ine n'kukhalapo, msana wanga ukumva munthu akukankha kuseri. Pakhosi panauma gwa. Mawu onse amene ndinkaganiza masana kuti ndidzamuuza anathawa, chomwe chinkatuluka n'chakuti "mawa, tikambirana mawa". Ndinakhala pampando pomwepo mpaka atambala kulira, nyali yoyaka, udzudzu ukundidya miyendo, osayerekeza kupita pabedi. M'mawa pa tiyi, pamaso pa anthu onse, munthuyo akupaka majarini pabuledi wake bwinobwino n'kumati "ena amagona ngati afa, ungagogode bwanji samva". Anthu n'kuseka. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimanjenjemera ndi ukali. Munthu wamkulu, wa ana ake, mphete ili pachala! Titabwerera, alawansi yanga yokha ndi imene "inasowa siginecha". Ndinayenda kumpando wake ngati wopempha, ndalama yanga yomwe. Ndipo mayi wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, mzimayi mnzanga, anangoti "mukakambirane ngati akuluakulu, mwina munamupatsa chiyembekezo". Chiyembekezo chanji? Kupereka moni?

Amene anandikonza ndi mkulu wanga. Anati mantha amamanga lilime, ndipo mawu amene sunawatulutsepo pakamwa sangatuluke tsiku loopsa. Ndiye tinkachita chonchi, ndipo inunso chitani chonchi.

Muuzeni mnzanuyo mawu enieni amene bamboyo amanena, mmene amakuitanirani, nthabwala zake, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp muwerengereni. Musakhale pansi. Ngati amakupezani mukutsuka kapu ku kakhitchini ka ku ofesi, imani pasinki, mnzanuyo abwere chakumbuyo n'kuima pakhomo monga amachitira. Thupi liyenera kudziwa kotembenukira ndi kotulukira, osati pakamwa pokha.

Mawu anu akhale ochepa, oti mutha kuwanena ndi mpweya umodzi kapena iwiri. Anga anali awa: "Achimwene, ndamva zomwe mwanena. Yankho langa ndi ayi. Ine ndi inu ndi za ntchito basi, ndipo nkhaniyi isabwerenso." Ulemu uli pa "achimwene" ndi pa "inu", ndipo ndi wokwanira. Musawonjezere "pepani", simunalakwe. Ndipo chonde musapereke chifukwa. Mkulu wanga anandionetsa zimenezi posewera pomwepo. Nditati "ndili ndi chibwenzi", iye anayankha ndi mawu a bambo uja, "inenso ndili ndi mkazi, ndiye tafanana, palibe adziwe". Nditati "timagwira ntchito limodzi", akuti "ndiye zabwino, palibe angatikayikire". Nditati "panopa ayi", akuti "ndidikira, ine sindithamanga". Chifukwa chilichonse chimene mwapereka ndi ntchito imene mwamupatsa yoti akaithetse, akaithetsa abweranso. Choopsa kwambiri ndi "ndiganize kaye". Kwathu kuno mukudziwa, anyamata amakula akuuzana kuti mkazi savomera tsiku loyamba, ndiye mawu amenewo iwo amamva ngati mwati bwerani mawa.

Seweroli lili ndi magawo, ndipo anthu ambiri amalekera gawo loyamba, lomwe ndi lophweka. Poyamba mnzanuyo akhale wokoma, woyamikira diresi, wolonjeza nkhomaliro. Mukakana, asachoke. Ayambe kunyengerera ndi kufunsa kuti "chifukwa chiyani, ndalakwa chiyani, ndine wonyansa?" Apa ndi pomwe mtima wachifundo umatigwetsa, timayamba kumutonthoza munthu. Inu bwerezani mawu omwe aja osasintha, "yankho langa ndi ayi", kenaka tsekani pakamwa. Kukhala chete kumeneko kumawawa, mumafuna kudzazapo mawu, koma pirirani, ndi komwe mukuphunzira. Kenaka mnzanuyo akwiye. Anene zimene amuna okanidwa amanena, "umadzimva", "ndimangokuyesa", "ukuona ngati ndiwe wokongola kwambiri?", "uona mmene tigwirire ntchito muno". Mkulu wanga atandiuza koyamba kuti "ndimangocheza, iwe wayesa zenizeni?" ndinalira, ngakhale ndinkadziwa kuti ndi mchemwali wanga. Tinabwereza mpaka ndinatha kuyankha kuti "ngati kunali kucheza, kucheza kotero ine sindikufuna", n'kunyamula kapu yanga n'kutuluka. Kutulukako muyesererenso. Musadikire kuti avomereze kukana kwanu, chilolezo chake simukuchifuna.

Ikani foni penapake ijambule, kapena pakhale munthu wachitatu wongoyang'ana. Mudzadabwa. Pakamwa pakunena ayi koma mano ali pamtunda, mutu wapendekeka, phazi likulemba pansi, mawu akukwera kumapeto ngati mukufunsa funso. Tinaphunzitsidwa kuti kuyang'ana munthu wamkulu m'maso ndi mwano, ndiye maso amathawira pansi okha. Ngati m'maso mukulephera, yang'anani pamphumi pake. Mudziwa kuti mwakonzeka pamene mwadutsa magawo onse osaseka, osapepesa, osafotokoza. Musinthanenso, inu mukhale bamboyo. Mukamva mnzanu akuti "mwina tsiku lina" mudzamva nokha mmene khomo limaonekera lotsegula kwa amene akufunsira. Ngati muli ndi mchimwene kapena msuweni womukhulupirira, aseweko iyeyo kamodzi, chifukwa mawu aamuna ndi msinkhu wake zimagwedeza mtima mosiyana ndi mnzanu wamkazi.

Tsiku lenilenilo musamukanire m'galimoto mwake kapena mu ofesi yotseka. Sankhani poti anthu akukuonani koma sakumva, ngati pakhonde kapena panja poimika magalimoto masana. Mukatero simunamuchititse manyazi, komanso simuli nokha. Madzulo ake mutumizireni uthenga waufupi, "Monga ndanenera masana, yankho langa ndi ayi, tiyeni tizilemekezana pa ntchito." Uthengawo ndi umboni wanu wokhala ndi tsiku ndi nthawi. Mayunitsi, lifiti, nkhomaliro, zonse zilekeni, ndipo ngati anakutumiziranipo ndalama pafoni mubwezereni pafoni pomwepo kuti uthenga wotsimikiza utsale.

Ndinene zoona, wanga uja mawu aulemuwo anamugwira masabata ochepa chabe. Tsiku lina anandigwira m'chiuno pafotokope, ndipo ndinakuwa kuti "chotsani dzanja lanu!" mpaka alonda anasuzumira. Kuyambira pamenepo ankandilambalala. Koma inu musayambe ndi kukuwa. Yambani mwaulemu ndithu, pakuti mwina wanuyo ndi munthu wabwinobwino amene wangokukondani, ndipo akamva ayi womveka asiya, mudzapitiriza kupatsana moni. Kufunsira kamodzi si mlandu. Mlandu umayamba pamene wakanidwa koma akupitiriza, akugwiragwira, kapena akukulangani pa ntchito. Ndiye mawu okuwawo muwayesererenso, mokweza, mpaka aneba afunse kuti kwagwanji, chifukwa mawu amenewo satuluka okha.

Akapitiriza, si nkhani ya sewero ayi. Lembani m'kope tsiku, malo, zimene ananena ndi amene analipo. Mauthenga musafufute ngakhale akunyanseni, ajambuleni n'kuwatumiza kwa munthu wina wowasunga. Kadandauleni ku ofesi yoona za ogwira ntchito, inde ngakhale ine sanandithandize, koma polemba kalata, osati pakamwa, ndipo kope lanu la kalatayo alidinde kapena alisaine kuti alandira. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pa zachiwerewere, kaya ndi mawu kaya ndi zochita zimene iye sakuzifuna, ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Limanenanso kuti simukukakamizidwa kudikira kuti za dandaulo lanu kuntchito zithe kaye musanapite nayo nkhani kunja. Mutha kupita ku Malawi Human Rights Commission, yomwe inapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa, kapena ku Victim Support Unit ya kupolisi. Akakuchotsani ntchito chifukwa chokana, kuli Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya za ntchito.

Ndipo mukapita ku wekishopu yogona konko bamboyo alipo, pemphani chipinda choyandikana ndi mzimayi mnzanu, mumuuziretu nkhaniyi, nambala yake ikhale pamwamba pafoni. Wina akagogoda usiku musayankhe za mawa, nenani muli m'kati kuti "sinditsegula, bwererani, ndikuimbira anzanga", ndipo imbanidi. Mawu amenewonso muwayeserere ndi mnzanuyo, iye ali kunja kwa chitseko akugogoda, inu muli m'kati.