Banki ikagulitsa nyumba yanu ya chikole, ndalama zimagawidwa bwanji?

"Ndinatenga ngongole ku banki nyumba yanga ndi imene inali chikole, yatsala mamiliyoni 35. Kenako ndinakongolanso 9 kwa obwereketsa ena pa nyumba yomweyo. Bizinesi inagwa, miyezi isanu sindinalipire, pano banki yanditumizira notisi kuti igulitsa. Nyumbayo ikhoza kukwana 60. Ndiye kuti zonse atenga iwowo?"

Ayi mayi, satenga zonse, mtima ukhale m'malo kaye. Banki ili ndi mphamvu yogulitsa, munaipatsa nokha tsiku lomwe munasayina mapepala aja ndipo m'mayiko ambiri sifunikanso kukapempha kukhoti, bola yapereka notisi ndipo nthawi ya notisiyo yatha. Koma mphamvuyo ndi yotolera ngongole yake basi. Zotsala si zake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa okushoni nyumba yapitadi pa 60. Choyamba amachotsa zimene zawonongedwa pogulitsa, wa okushoni, maloya, kulengeza munyuzi, woyeza mtengo wa nyumba uja, tingoti zonse zakwana 4. Patsala 56. Kenako banki imatenga zake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amadzidzimuka chifukwa m'mutu mwawo muli 35 yokha, kuiwala kuti chiwongoladzanja cha miyezi yomwe sanalipire chakhala chikuunjikana, kuphatikizapo zilango zochedwa, ndipo sichiima mpaka tsiku limene banki yalandira ndalama. Tinene kuti izi zakwana 6, ndiye banki yatenga 41. Patsala 15. Obwereketsa achiwiri aja, ngati chikole chawo chinalembetsedwa ku kaundula wa malo, ndi amene ali pambuyo pa banki pamzere, atenga 9 yawo (nawonso awonjezera chiwongoladzanja chawo, pano ndangochisiya kuti masamu asavute). Yotsalayo, 6, ndi yanu, banki ikuyenera kukupatsani, si chifundo ayi ndi lamulo.

Tsono chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mtengo wogulitsirawo. Nyumba yomweyo ikapita pa 42, chotsani 3 ya zowonongedwa, patsala 39, banki yapereweredwa 2, achiwiri aja sapeza kanthu, inu nyumba yapita koma mukadali ndi ngongole ya 11. Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba ikapita ndiye nkhani yatha koma m'malamulo a mayiko ambiri sizili choncho, munalonjeza kubweza ndalama osati kupereka nyumba, ndiye onse awiri atha kukusumirani pa zotsalazo.

N'chifukwa chake maso anu akhale pa kagulitsidwe. Banki siyikakamizidwa kudikira kuti mitengo ya nyumba ikwere, itha kugulitsa pa nthawi imene yafuna, koma ikaganiza zogulitsa iyenera kuchita mwachilungamo ndi kuyesetsa kupeza mtengo weniweni wa pamsika wa nthawi imeneyo. Siyiloledwa kungodzigulitsa yokha nyumbayo mwakachetechete, ndipo ikagulitsa kwa munthu wapafupi nayo khoti limafufuza kwambiri. Ku Mangalande kunali mlandu wotchuka mu 1971, malo anali ndi chilolezo chomangapo mafulati 100 koma polengeza okushoni za mafulatizo sanazitchule, khoti linati obwereketsawo analakwa ndipo ayenera kuyankhapo pa mtengo umene unatayika. Ndiye sungani nyuzi imene alengezamo, muwone ngati afotokoza nyumba yanu bwinobwino, zipinda zake, kukula kwa puloti, ndi masiku angati analengeza, ndipo ngati mungakwanitse pezani woyeza mtengo wanuwanu akulembereni lipoti okushoni isanachitike. Popanda lipotilo kudandaula kuti anagulitsa motchipa kumakhala kwa pakamwa chabe. Dziwaninso kuti amene wagula moona mtima nthawi zambiri salandidwa nyumbayo ngakhale banki italakwitsa, chimene mungapeze ndi chipukuta misozi kuchokera ku banki.

Panopa nyumba isanagulitsidwe mukadali ndi ufulu woiwombola polipira zonse zimene banki ikukuitanitsani, ufuluwu nthawi zambiri umatha pamene banki yasayinirana ndi wogula. Ndikanakhala ine, sabata yomwe ino ndikanawalembera kalata kupempha sitetimenti yonse, ngongole yeniyeni payokha, chiwongoladzanja pachokha, zilango pazokha, ndipo m'kalata momwemo ndikanapempha andipatse miyezi ingapo ndipeze wogula ndekha, ndalama zidzadutsire kwa iwo. Wogula wopeza nokha kawirikawiri amalipira bwino kuposa wa pa okushoni yemwe amabwera akudziwa kale kuti mwini wake wapanikizika, komanso za wa okushoni zija mwazipewa. Notisiyo mupite nayo kwa loya pamodzi ndi pepala la ngongole lija awone ngati masiku ake ndi okwanira malinga ndi malamulo a kwanuko, ndipo obwereketsa achiwiri muwauze msanga, iwowo ndi amene angaluze kwambiri mtengo ukatsika ndiye pa nkhani ya mtengoyi ali mbali yanu.