Kodi abwana ake ndiwaike pa Cc pomuthokoza?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Namwera:

"Achimwene, ndine msungichuma wa gulu la amayi. Mwezi watha ndinasokoneza nambala ya akaunti potumiza K180,000 ya gulu. Mtsikana wina wa kubanki pa boma anandithandiza mpaka ndalama zinabwerera. Tsiku lina anandilowetsa atatseka kale, komanso ankandiimbira pa foni yake. Ndikufuna kumulembera imelo yomuthokoza, ndipo mwana wanga akuti ndiikemo abwana ake pa Cc. Kodi nkoyenera?"

Zikomo mayi. Mwana wanu akunena zoona, aikenimo. Koma musanatumize, muimbireni kaye mtsikanayo mumufunse, ndipo zinthu ziwiri zomwe zakukhudzani mtima kwambiri, zokulowetsani atatseka ndi zokuimbirani pa foni yake zija, musazilembe mu imeloyo. Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo, ndiye ndifotokoze.

Cc ija ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za pepala la kaboni, lomwe lija amaika pakati pa masamba a buku la malisiti kuti zolembedwa pamwamba zidindike pansi. Amene ali pa To ndiye mwini kalata, amene ali pa Cc walandira chodindikacho, ndipo onse awiri amaonana maina. Mtsikanayo adzadziwa kuti abwana ake awerenga, abwanawonso adzadziwa kuti iye akudziwa. Phindu lake lili pomwepo. Mkulu wa nthambi ya banki sakhala pa kauntala, ndipo zomwe zimafika patebulo lake kawirikawiri ndi madandaulo. Munthu akathandizidwa bwino amangoti zikomo nkukakwera minibasi, ndiye zabwinozo zimathera pakhomo. Chaka chikamatha, mabwana akamaunika kagwiridwe ka ntchito ka aliyense, kalata yolembedwa ndi kasitomala imakhala umboni wogwirika. Zikomo wapakamwa salowa m'failo.

Koma mukangoika dzina la abwana pa Cc, kalatayo yasintha owerenga. Inu mukuona mtsikana wachifundo amene anaganizira kuti mwachokera kutali, mwatsika mapiri a ku Namwera ndipo simungabwerere chimanjamanja. Abwana ake angaone wantchito amene anatsegulira munthu chitseko cha banki nthawi itakwana kale, pamalo posunga ndalama, komanso amene amakamba za akaunti ya kasitomala pa foni yakeyake. Mwina anapempha chilolezo, mwina ayi. Inu simukudziwa, ndipo nchifukwa chake muyenera kumufunsa.

Ineyo zinandionekerapo. Zaka zapitazo kalaliki wina pa ofesi ina pa boma pompano anandithandiza kupeza pepala lomwe ndinakhala ndikulondola kwa miyezi. Chifukwa cha chisangalalo ndinatsegula imelo yake yomaliza, nkudina Reply, nkuwonjezera abwana ake pa Cc, nkuthokoza ndi mtima wonse. Sindinaganize zoti pansi pa uthenga wangawo panali makalata athu onse akale. Mu imodzi mwa makalatawo mnyamatayo anali atalemba kuti failo yanga ikuchedwa chifukwa abwana sakusaina, ndipo ndingobwera Lachinayi iwo akapita kumsonkhano. Abwana anawerenga zonse mpaka pansi. Nditakumana naye kumsika patapita masabata, anandipatsa moni wa nsonga za zala. Ndinapepesa, koma paja pepani sapoletsa chilonda.

Choncho musayankhe pa imelo yakale. Yambani yatsopano, yopanda kanthu pansi. Kwa inuyo izi nzofunikanso chifukwa makalata akalewo angakhale ndi manambala a akaunti ya gulu ndi ya munthu amene analandira ndalama molakwika uja.

Pomufunsa musachulukitse mawu. Mungoti, "Achemwali, ndikufuna kukulemberani kalata yothokoza, abwana anu aionenso. Kodi zili bwino? Nanga ndiike ndani?" Funso lachiwirilo nlofunika, chifukwa abwana oyenera ndi amene amamuyang'anira tsiku ndi tsiku, amene amalemba lipoti la ntchito yake. Anthu ambiri amathamangira adiresi yomwe aiona pa chikwangwani, ija yoyamba ndi info@, koma imeneyo ndi dengu la aliyense ndipo kalata yanu ingasowere m'menemo. Ena amafufuza adiresi ya bwana wamkulu kulikulu ku Blantyre, poganiza kuti kukwera pamwamba nkumene kungamuthandize. Bwana wakulikuluyo sakumudziwa mtsikanayo, ndipo amene ali naye pa nthambi angaone ngati mwawadumpha, kapena kuti mtsikanayo anachita kukutumani. Mumve yankho lake bwinobwino. Akati "ayi mayi, musavutike" mwaulemu chabe, mukhoza kufunsanso kamodzi. Koma akazengereza nkunena kuti kuntchito zinthu sizili bwino, musiyeni, mulembereni yekha basi.

Tsono kalatayo. Bwana amawerenga mutu ndi mizere itatu yoyamba, nthawi zambiri pa foni, ndiye dzina la wothokozedwayo ndi zomwe anachita zikhale pamwamba. Mwachitsanzo:

```
To: (adiresi ya mtsikanayo)
Cc: (adiresi ya abwana ake)
Subject: Kuthokoza Mayi Auje pa thandizo lobweza ndalama za gulu
```

M'kati mwake mulankhule ndi iyeyo, osati abwana. Mungalembe kuti: "Mayi Auje, ndikuthokoza chifukwa cha mmene munandithandizira mwezi watha nditatumiza ndalama za gulu lathu ku akaunti yolakwika. Munandifotokozera mwachifatse zoyenera kuchita, munandithandiza kulemba fomu, ndipo munkandidziwitsa pomwe nkhani yafika mpaka ndalama zinabwerera. Amayi a m'gulu mwathu akhazikika mtima. Ndaikamo abwana anu kuti nawonso adziwe." Muike tsiku lenileni ngati mukulikumbukira, kuti abwanawo athe kulumikiza ndi zomwe zili m'mabuku awo.

Taonani kuti "munkandidziwitsa pomwe nkhani yafika" ndi zoona ndithu, simunaname, kungoti simunatchule foni. Mzere womalizawo ulinso ndi ntchito yake. M'maofesi ambiri munthu akaona abwana ake pa Cc mtima umayamba wagunda, chifukwa anazolowera kuti Cc ndi chida chonenezera. Mukanena poyera chifukwa chake, mantha amatha.

Pali zina zoti musaphatikizemo. Musamuyamikire ponyoza anzake, zoti "ena onse anandikankha koma inu nokha", chifukwa mawa akhala nawo pa kauntala yomweyo. Ngati muli ndi dandaulo pa wina, imeneyo ndi kalata ina, ya tsiku lina. Musaikemo pempho latsopano, monga za ngongole ya gulu, chifukwa kuthokoza konse kumaoneka ngati nyambo. Ndipo ngati mumaganiza zomutengera kankhuku kapena kathumba ka mtedza, musazilembe, komanso mumufunse kaye ngati nzololedwa. Kwathu kuno kupita chimanjamanja kwa amene anakuthandiza kumachititsa manyazi, koma malo ambiri antchito ali ndi malamulo pa mphatso, ndipo nkhuku yolembedwa mu imelo ingamveke ngati chiphuphu.

Pa foni, mu Gmail, Cc imabisala. Mukayamba kalata yatsopano, dinani kamuvi kakang'ono kamene kali kumapeto kwa mzere wa To, ndipo Cc ndi Bcc zitulukira. Mwana wanu akuonetsani. Bcc yo muisiye. Imabisa dzina la abwana, ndiye mtsikanayo sadziwa kuti awerenga, ndipo abwanawo akadina Reply All amadzaonekera mwadzidzidzi ngati munthu amene amamvetsera kuseri kwa chitseko.

Abwana akapanda kuyankha musadandaule kapena kutumizanso, pa Cc sayembekezeka kuyankha. Ndipo zokulowetsani atatseka zija musazimeze. Tsiku lomwe mudzatsikenso ku boma kukasungitsa ndalama za gulu, mudzamuuze pamaso pa kauntala, motsitsa mawu.