Who kapena whom? Yesani kaye m'Chichewa

Funso: Ndikamalemba malipoti a kuntchito m'Chingerezi ndimasokonezeka pa who ndi whom, komanso which ndi that. Kodi Chichewa chathu chili ndi kusiyana kotereku?

Yankho: Kusiyanako kulipo, koma sikukhala pa mawu akuti "amene" kapena "yemwe". Kumakhala m'kati mwa mneni. Taonani awa: "mlembi amene anandiona" ndi "mlembi amene ndinamuona". "Amene" sanasinthe. Chasintha n'chakuti m'chiganizo chachiwiri mwalowa kamphatikiram'kati -mu-, kosonyeza kuti mlembiyo ndi wochitiridwa ntchito. Mzungu amasonyeza zomwezo posintha who kukhala whom.

Choncho nenani chiganizo chanu m'Chichewa. Ngati -mu- kapena -wa- woloza munthuyo akulowa bwino mu mneni, lembani whom: "the clerk whom I saw". Akakana kulowa, lembani who: "the clerk who saw me". "Naye", "nawo" ndi "kwa iye" amafunanso whom: "mkulu amene ndinalankhula naye" ndi "the officer with whom I spoke".

Pamene ambiri amapunthwa, ngakhale odziwa Chingerezi kwambiri, ndi pa chiganizo chonga ichi: "munthu amene ndikuganiza kuti anaba ndalama". Amaona "I think" akutsatira, n'kuthamangira kulemba whom poyesa kuti ndiye Chingerezi chapamwamba. Koma mneni wa munthuyo ndi "anaba". Wakuba ndi iyeyo, ndipo mukaikamo -mu- n'kunena kuti "anamuba", tanthauzo lasintha. Cholondola ndi "the man who I think stole the money". Chenjerani ndi "amene ndikumuganizira kuti anaba", chifukwa -mu- ameneyo ndi wa mneni wina. Chingerezi chake ndi "whom I suspect".

Pa which ndi that Chichewa sichikuthandizani chotero, pakuti "chimene" ndi "chomwe", "zimene" ndi "zomwe", amangotsata gulu la dzina, ndipo mutha kusankha aliyense. Apa yang'anani mpatuliro. "Mabuku amene anyowa abwezedwe" akutanthauza onyowa okhawo, ouma atsale: "The books that got wet must be returned". Koma "Mabuku, amene anyowa, abwezedwe" akunena onse, ndipo kunyowako ndi ndemanga chabe: "The books, which got wet, must be returned". Mu lipoti la katundu, timipatuliro tiwirito tingabwezetse katoni yonse m'malo mwa mabuku asanu.

Akonzi ambiri a ku Amereka amaumirira that pamene palibe mpatuliro. Ku Britain, komwe kudachokera kalembedwe kathu ka Chingerezi, amalola which pamenepo, ndiye wina asakuchongeni kuti mwalakwa. Chosaloledwa konsekonse ndi kutsegula ndemanga ya pakati pa mipatuliro ndi that, kapena kulemba "in that" pamene mukufuna "m'mene" wa malo: "the room in which we met".