Musalipire musanaone nyali ya SRS ikuyaka n'kuzima yokha

"Abale, ndapeza ka Vitz ka 2012 pa mtengo womwe ndingakwanitse. Wogulitsa akuti ma eyabagi alipo, koma za VSC, chipangizo chija choletsa galimoto kuterereka n'kuzungulira, akuti n'zosafunika pa misewu yathu. Ndikatenge?"

Achimwene, musatumize kaye ndalama. Mawu oti "alipo" aja aphetsa anthu. Galimoto zambiri zimene zikugulitsidwa m'tauni muno zinagundapo kale, ma eyabagi anaphulika, ndipo m'malo mogula ena anthu amangomata chivundikiro cha chiwongolero, kukuta dashibodi ndi chikopa chatsopano, n'kubisa nyali yochenjeza. Amene amachita zimenezi amadziwa bwino kuti m'galimotomo mudzakwera ana a munthu, koma amaterobe chifukwa eyabagi ndi yodula kuposa guluu. Zimandipweteka mtima kwambiri.

Poyamba chitani izi, sizifuna ndalama. Tembenuzani kiyi kufika pa ON koma injini musalize. Ngati ndi ya batani, dinani kawiri osaponda buleki. Nyali zonse ziyake, ndipo maso anu akhale pa ya SRS, yomwe ndi ya ma eyabagi, ija ya kamunthu kokhala pampando kali ndi mpira kutsogolo. Iyenera kuyaka masekondi pafupifupi 6 kenako n'kuzima yokha, injini isanalire. Ikapanda kuyaka n'komwe, ndiye kuti anachotsa babu kapena anaiphimba ndi tepi yakuda kuseri kwa galasi. Ikakhala chiyakire, pali vuto, ndipo musayembekezere kuti eyabagi idzatuluka pa ngozi. Chinyengo chimene chimapusitsa ambiri ndi chachitatu: amalumikiza nyali ya SRS ku waya wa nyali ya oyilo. Mukangoliza injini zonse zimazimira limodzi, inu n'kumati zili bwino. N'chifukwa chake ndikuti mudikire injini ili chete. Ikakana kuzima mpaka mutaliza injini, n'kuzima mphindi imodzimodzi ndi ya oyilo, bwezani kiyi muzipita.

Ena ndi ochenjera kuposa pamenepo. Amaika karezisita ka ma ohm awiri kapena atatu pa pulagi yachikasu pomwe panali eyabagi, kompyuta ya galimoto n'kumaganiza kuti chilipo. Nyali imazima bwinobwino, ngakhale makina oyezera sapeza cholakwika. Apa mpofunika maso ndi manja. Dinani pakati pa chiwongolero, muone ngati pakulowa ngati mulibe kanthu. Onani zilembo za SRS AIRBAG pa dashibodi mbali ya wokwera, ngati zafufutika kapena chikopa chake chikusiyana mtundu ndi kwina. Kokani malamba onse awiri akutsogolo mpaka kumapeto. M'malamba amenewa muli kachida kamene kamaphulika pa ngozi kuti lamba akumange zolimba, ndipo kakaphulika lambayo amauma kapena kulendewera osabwerera. Ngati wogulitsa ndi wachilungamo, alole wamagetsi wanu amasule chivundikiro aone. Achotse kaye waya wa batire n'kudikira masekondi osachepera 90, ndipo asayeze mapulagi achikasu ndi mita, chifukwa eyabagi imatha kumuphulikira kumaso. Wogulitsa akakana kuti mumasule, wakuuzani kale zimene zili m'katimo.

Tsono za VSC. Amene anakuuzani kuti n'zosafunika sanaonepo galimoto yaing'ono ikuzungulira pa tala wonyowa. Tiyerekeze muli pa M1 cha ku Linthipe, mvula yoyamba yagwa, mukuthamanga 80, wa kabaza walowa mumsewu mwadzidzidzi. Mwakhotetsa kumanja kumuzemba, kutsogolo kukubwera thiraki, mwabwezera kumanzere msangamsanga. Pa kubweza kwachiwiri kumeneku ndi pamene matayala akumbuyo amataya msewu. Kumbuyo kumayamba kupitirira kutsogolo, inu mumaponda buleki ndi mantha, galimoto imayenda cham'mbali, tayala likakodwa m'mphepete mwa tala pomwe panakumbika, basi yagubuduzika. Zonsezi zimatha musanamalize kukuwa. VSC imaona kuti chiwongolero chaloza kwina pomwe galimoto ikupita kwina, ndiye imamanga buleki ya tayala limodzi lokha, apa lakutsogolo la kunja kwa khona, n'kuchepetsa mphamvu ya injini kuti mphuno ibwerere mumzere. Palibe dalaivala angamange tayala limodzi ndi phazi, ngakhale atakhala katswiri chotani.

Vuto la chaka cha 2012 n'loti ku Japan lamulo linakakamiza chipangizochi pa mitundu yatsopano kuyambira Okutobala 2012, ndipo pa mitundu imene inali kupangidwa kale kuyambira Okutobala 2014. Timagalimoto ta 660cc ngati Mira ndi Alto tinapatsidwa nthawi mpaka 2018. Ndiye Vitz ziwiri za chaka chimodzi, ina ikhoza kukhala nayo, ina ayi. Musakhulupirire pakamwa. Kiyi ali pa ON, funani nyali ya kagalimoto kali ndi mizere iwiri yokhotakhota pansi pake, komanso batani lokhala ndi chizindikiro chomwecho. Toyota amalemba VSC, Honda VSA, Nissan VDC, Mazda DSC, koma ntchito yake ndi imodzi. Ndipo imadalira ABS, chipangizo choletsa matayala kukhukhuluzika mukaponda buleki mwamphamvu. Sensa ya pa tayala limodzi ikafa kapena waya wake ukaduka, zonse ziwiri zimasiya kugwira. Pitani nayo pa msewu wafumbi wopanda anthu, pa 30 kapena 40 pondani buleki mwamphamvu. Pedulo izinjenjemera pansi pa phazi. Ikangoti gwa, matayala n'kukhukhuluzika, ABS yafa.

Pemphaninso pepala la okushoni la ku Japan. Pakakhala R kapena RA pakona, inagundapo n'kukonzedwa. Nambala ya chasesi, yonga `KSP130-` ndi manambala otsatira, ilembeni pa tsamba la Toyota la ku Japan loonera galimoto zoitanidwa kukakonzedwa. Ma eyabagi a kampani ya Takata, amene anaikidwa m'ma Vitz, Corolla ndi Honda Fit ambiri akale, ali ndi mankhwala amene amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo pophulika amatha kumwaza zidutswa za chitsulo kumaso. Galimoto imene yakhala zaka ku Salima kapena ku Mangochi, nkhani imeneyi musaitenge mwachibwana.

Komabe ndinene zoona, thumba lili ndi malire. Mukapeza ziwiri, ina ya 2015 ya VSC koma nyali zake n'zokayikitsa, ina ya 2012 yopanda VSC koma sinagundepo, ma eyabagi ndi ABS zikugwira, tengani ya 2012 yomweyo. Ndalama yotsalayo ipite ku matayala anayi atsopano a saizi imodzi. Galimoto zambiri zimabwera ndi matayala a ku Japan oyendera pa chipale chofewa, olembedwa STUDLESS, amene pa tala wotentha kapena wonyowa amachedwa kuima. Onani manambala anayi a m'mbali mwa tayala: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2016, lakalamba ngakhale mano akuoneka. Ngakhale VSC yomwe ndaitamandayo singachite kanthu pa matayala otere. Ndipo eyabagi popanda kumanga lamba imavulaza, ndiye ana akhale kumbuyo, omangidwa, osati pamiyendo pa amayi awo kutsogolo.

Mukapita kukaiona mawa, jambulani kavidiyo ka dashibodi kuyambira pomwe mwatembenuza kiyi, muponye muno tikuonereni.