Bonasi ya K600,000, m'thumba mwalowa K425,000

"Ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira mu mzinda wa Zomba, malipiro anga ndi K400,000. Mu Disembala abwana anatipatsa bonasi ya K600,000 koma yomwe ndinaiona ndi K425,000 yokha. Kodi andibera? Akanamandipatsa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, si bwenzi ndikupeza zambiri?" Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, sanakubereni. Amene amakonza malipiro anu wawerengera bwino, ndipo tiyeni tiyende nayo limodzi. Ndigwiritsa ntchito magawo a PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, amene anayamba mu Epulo 2024, chifukwa ndi amene akugwirizana ndi ziwerengero zanu. Magawowa boma limawasintha mu bajeti, choncho wowerenga aliyense aike a mwezi umene walandirira bonasi. Kawerengedwe kake n'komweko.

Pa magawo amenewo, K150,000 yoyamba pa mwezi sidulidwa msonkho. K350,000 yotsatira, kufika pa K500,000, imadulidwa 25 peresenti. Kuchokera apo mpaka K2,550,000 ndi 30 peresenti, ndipo yopitirira pamenepo ndi 35 peresenti. Mwezi wamba, pa K400,000 yanu, imene imakhomedwa msonkho ndi K250,000 yokha. Msonkho wake ndi K62,500, mumatsala ndi K337,500 tisanachotse penshoni ndi ngongole.

Mu Disembala bonasi siiwerengedwa payokha. Imaphatikizidwa ndi malipiro, nonse pamodzi n'kukhala K1,000,000, ndipo imakhala pamwamba pa malipirowo. Gawo lopanda msonkho lija malipiro anu analidya kale, bonasi siipezako kanthu. Mu gawo la 25 peresenti munatsala malo a K100,000 okha, msonkho wake K25,000. K500,000 yotsalayo inagwera mu 30 peresenti, msonkho wake K150,000. Yonse pamodzi K175,000, ndiye K425,000 munaionayo.

Chimene chimapweteka n'chakuti munazolowera kuona msonkho ukutenga pafupifupi 16 peresenti ya malipiro, pamene pa bonasi watenga 29 peresenti. Koma mbali yaikulu ya kusiyanaku sikuchokera pa kulandira nthawi imodzi. Ndalama iliyonse yoonjezera pa K400,000, ibwere bwanji, imayambira pa 25 peresenti.

Tsono akanaigawa m'miyezi 12, K50,000 mwezi uliwonse, malipiro akanakhala K450,000, osadutsa malire a K500,000. Yoonjezerayo ikanadulidwa K12,500 pa mwezi, pa chaka K150,000, inu n'kutsala ndi K450,000 ya bonasiyo. Ndiye inde, mukanapeza zambiri, koma ndi K25,000 yokha.

Ine pa K25,000 imeneyo sindingalimbane ndi abwana. Bonasi amaipereka ataona mmene chaka chayendera, ndiye kuigawa kukutanthauza kuti muzilandira m'chaka chotsatira, gawo lomaliza n'kudzafika patatha pafupifupi chaka. Ndi mmene mitengo ikukwerera mumsika wa Zomba, K50,000 ya Novembala wa chaka chamawa sidzagula zimene ikugula lero. Komanso K425,000 yobwera pamodzi mu Disembala imakwana feteleza ndi fizi ya Januwale, pamene K37,500 ya pa mwezi imathera mu ndiwo ndi minibasi osadziwa kuti yalowera kuti.

Amene nkhaniyi imamukhudza kwambiri ndi wa malipiro ochepa. Tengani mlonda wa pa sitolo yanu yomweyo, tinene kuti amalandira K120,000 ndipo bonasi yake ndi K360,000. Mwezi wamba sadulidwa msonkho, ndipo mu gawo laulere amatsala ndi malo a K30,000 osagwiritsa ntchito. Akalandira bonasi nthawi imodzi, mwezi umenewo wapeza K480,000, msonkho wake K82,500. Akanamalandira K30,000 yoonjezera mwezi ndi mwezi, akanafika pa K150,000 ndendende, msonkho osadulidwa ngakhale tambala. Eni mabizinesi amene muli ndi antchito otere, apa ndiye pofunika kukhala nawo pansi musanaganize kaperekedwe. Koma manijala wa K800,000 akalandira K600,000, kugawa kapena kusagawa n'chimodzimodzi, popeza ali kale mu 30 peresenti ndipo sakudutsa malire ena.

Cholakwika chimene muyenera kuyang'ana pa pepala la malipiro n'china. Ena okonza malipiro akaona kuti munthu wadutsa K500,000 amamenya 30 peresenti pa ndalama yonse. Zikanatero, pa mzere wa PAYE mukanaona K300,000. Yolondola ya Disembala wanu ndi K237,500, kutanthauza K62,500 ya malipiro ndi K175,000 ya bonasi. Ngati yalembedwa pamenepo ikuposa apa, pitani ku akaunti ndi pepalalo akuonetseni gawo ndi gawo mmene anawerengera, ndipo akakanika kufotokoza mukafunse ku ofesi ya MRA.