Tsiku limene ndinabweza fulashi

"Achimwene, ndili ndi golosale ku Mchesi ndipo makope a ngongole andikwana. Mnyamata wina wa makompyuta akuti andiikira pologalamu ya maakaunti yothyola pa K15,000, pomwe yeniyeni ndi ya madola. Choopsa n'chiyani, poti anzanga ambiri akugwiritsa ntchito yomweyo?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa fulashi yokhala ndi pologalamu ngati imeneyo inafikapo pa kauntala panga.

Ine ndimagulitsa chakudya cha nkhuku ku Limbe. Alimi amatenga matumba pa ngongole n'kudzalipira akagulitsa nkhuku pakatha masabata 6, ndiye chuma changa chenicheni sichikhala m'kabati, chimakhala m'maina a anthu amene ndikuwadikira. Chaka china denga linadontha usiku, kope la ngongole linanyowa, masamba anamatana. Ena anabwera okha kudzanena zomwe anatenga. Ena mpaka lero sindinawaonenso. Ndinagula laputopu ya kaunjika, ndipo mnyamata amene anandigulitsa anati za pologalamu ndisadandaule.

Anabwera Loweruka, nditatseka. Analowetsa fulashi, nati choyamba tizimitse intaneti, kenako tizimitse Windows Defender, pologalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi, chifukwa "imanama kuti kafayilo kothyolerako ndi vairasi". Pamenepo mtima wanga unakana. Mlendo wonena kuti muyambe mwamanga galu ndi kuuza mlonda apite kwawo, inu mungamulowetse m'sitolo usiku? Ndinamufunsa kuti kafayiloko analemba ndani. Sanadziwe. Iyenso anangokatsitsa pa intaneti. Ndinamupatsa ya minibasi, ndinamuthokoza, fulashi yake anabwerera nayo.

Patapita miyezi, mnzanga wogulitsa zipangizo zomangira anandiitana nkhope itagwa. Mafayilo ake onse anali atasintha maina, osatsegulika, ndipo panali kakalata kotchedwa `_readme.txt`. Ndi vairasi yotchedwa STOP/Djvu, imene imafala kwambiri kudzera m'mapologalamu othyola. Inakhoma mafayilo n'kufuna madola 980, kapena 490 akalipira pasanathe maola 72. Fulashi yake yosungira inali chilowetsere mu kompyuta, nayonso inakhomedwa. Ngongole za makontilakita zinapita choncho. Munthu wamkulu uja ankangoyenda uku ndi uku m'sitolo, ine kusowa chomuuza.

Sikuti aliyense zimamuonekera tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anzanu akuti zili bwino. Koma pologalamu yothyola imakhala ndi moyo pokhapokha isalumikizane ndi eni ake, ndiye zolakwika zake sizikonzedwa, ndipo fayilo ikawonongeka kumapeto kwa chaka, nthawi yokonza za msonkho ku MRA, mulibe woti mumuimbire. Mnyamata uja adzakhala atasintha nambala.

Ndipo ndinene mosabisa, ndi kuba. Ife amalonda timakwiya wantchito akabisa sopo mmodzi m'chikwama, timamuchotsa tsiku lomwelo. Tinaonanso mmene oimba athu anasaukira anthu akukopera nyimbo zawo m'misika, COSOMA ikulimbana nazo zaka ndi zaka. Kuti mwini pologalamu ali kutsidya la nyanja sizisintha kanthu. Buku la maakaunti ndi malo amene ndimalembamo zoona zokhazokha, ngakhale zowawa, ndipo sindikanatha kulembamo chilungamo cha ndalama zanga pa chinthu chobedwa. Kudula kwa madola ndikukudziwa, inenso ndinalephera kugula. Koma kulephera kugula thumba la shuga sikundipatsa chilolezo cholinyamula.

Nanga mutani?

Ine ndinaika GnuCash. Ndi yaulere mwalamulo, eni ake anaipereka choncho, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Itsitseni ku `gnucash.org` kokha, osati pa fulashi ya munthu. Poyamba sankhani `Business Accounts`, ndalama muike MWK. Mlimi akatenga matumba a K120,000 ndimamulembera invoisi n'kudina `Post`, ndalamayo imakakhala mu `Accounts Receivable`. Akatumiza K50,000 pa Mpamba ndimalemba mu `Process Payment`, ndipo `Customer Report` imaonetsa kuti watsala ndi K70,000, masiku ake onse ali pomwepo. Mkangano umatha tikangoyang'ana limodzi.

Chofooka chake, siwerenga katundu wotsala pa shelefu ngati makina a m'masitolo akuluakulu. Pa golosale musalembe sopo mmodzimmodzi, lembani zogulitsa za tsiku lonse mzere umodzi madzulo, angongole okha ndiwo akhale ndi maina. Masabata awiri oyamba inandizunguza mutu, kenako dzanja linazolowera. Loweruka lililonse koperani fayiloyo pa fulashi, muizule, mupite nayo kunyumba.